Anapiye 100 a nkhuku za nyama: zimene ndinawononga ndi zimene zinabwerera

Zolemba izi ndazikopera m'buku limene ndinkalembamo tsiku ndi tsiku pamene ndinkaweta gulu limodzi la nkhuku za nyama, kuyambira pogula anapiye mpaka pogulitsa nkhuku yomaliza. Popeza mitengo imasintha mwezi ndi mwezi ndiponso imasiyana malo ndi malo, sindinalembe ndalama zenizeni. Chilichonse ndachiyerekeza ndi mtengo wa kilogalamu imodzi ya chakudya chomalizira cha nkhuku, chimene alimi timachitchula kuti finisha, monga mmene unalili tsiku limene ndinayamba. Ndikalemba kuti chinthu chinadya makilo 20, ndiye kuti ndalama zake zikanagula makilogalamu 20 a finisha, ndipo thumba limodzi ndi makilo 50. Amene akufuna kudziwa za kwawo angochulukitsa manambalawa ndi mtengo wa kilogalamu ya chakudya kumene ali.

22 Epulo: kuwerengera ndisanagule kanthu

Khola ndinali nalo kale, lalikulu masikweya mita 12, ndipo linali lokwanira chifukwa nkhuku zikakula zimafunika kukhala pafupifupi 10 pa sikweya mita imodzi. Ndinalitsuka, kulipopera mankhwala ophera tizilombo ndi kulisiya lopanda kanthu kwa masabata awiri. Kenako ndinakhala pansi ndi cholembera.

Mwanapiye mmodzi anali pa makilo 1.2, choncho anapiye 100 anafuna makilo 120. Chakudya ndinaika matumba 8, poganiza kuti nkhuku iliyonse idzadya makilogalamu 4 pofika tsiku la 42: matumba awiri a chakudya choyambira chotchedwa sitata, atatu a chokulitsira chotchedwa gulowa ndi atatu a finisha. Gulowa ndi finisha zinali pa mtengo umodzi, koma sitata, imene imakhala ndi zomanga thupi zambiri, inali yokwererapo ndi makilo 5 pa thumba, motero chakudya chonse chinafika makilo 410. Makala otenthetsera anapiye ndinawaikira 30, utuchi wa matabwa woyala pansi 10, katemera ndi mavitamini 20, mayendedwe 20. Zodyera, zomwera ndi mbaula ndinagula pa makilo 90, koma popeza zidzagwira ntchito pa magulu osachepera asanu ndi limodzi, gulu ili ndinalilipiritsa 15 okha. Zonse pamodzi zinakwana makilo 625.

Nkhuku yamoyo yolemera makilogalamu awiri inkagulidwa pa makilo 9. Ndinayembekeza kuti zisanu zidzafa, kuti ndidzagulitsa 95 ndi kupeza makilo 855, ndipo phindu lidzakhala 230. Nambala imene ndinaiona kuti ndi yofunika kuposa zonsezi ndi ina: ndikagawa 625 ndi 9 ndimapeza kuti nkhuku 70 zoyambirira kugulitsidwa zingobweza mpamba, ndipo phindu lonse lili pa nkhuku 25 zomalizira. Ndinailemba pachikuto cha buku kuti ndiziiona tsiku lililonse.

6 Meyi: tsiku loyamba

Mbaula ndinayatsa dzulo lake madzulo kuti utuchi utenthe, chifukwa mwanapiye amazizidwa kuyambira kumapazi. Ndinatchinga malo ozungulira ndi makatoni, opanda ngodya zoti anapiye angapanikizanemo, ndipo kutentha pamsinkhu wa mwanapiye kunali madigiri 32. Ndinawawerenga mmodzimmodzi potulutsa m'bokosi, ndipo anali 100 ndendende. Ndinayeza 20 pasikelo ndi kupeza kuti aliyense ankalemera pafupifupi magalamu 40. Mmodzi anafika wofooka, mchombo wake usanatsekeke bwino, ndipo anafa usiku womwewo.

M'mawa mwake ndinagwira anapiye 30 pachithokomiro, ndipo 28 anali ndi chithokomiro chodzaza komanso chofewa, kusonyeza kuti apeza chakudya ndi madzi omwe. Kuyesa kumeneku sikudya ndalama, koma kumathandiza kudziwa msanga ngati zodyera ndi zomwera zaikidwa pabwino.

8 Meyi: moto unazima

Usiku wa tsiku lachitatu ndinaika makala 10 koloko, n'kugona mopitirira, ndipo pamene ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha mbaula inali itazirala. Ndinamva kulira kwa anapiye ndisanatsegule chitseko, kulira kokweza ndi kosalekeza kosiyana ndi kaphokoso kawo ka masiku onse. Onse anali ataunjikana mulu umodzi pafupi ndi mbaula, ndipo nditawabalalitsa ndi manja ndinapeza atatu pansi pa anzawo atafa kale.

Kuchokera usiku umenewo ndinkadzuka kawiri kukawonjezera makala, ndipo ndinasiya kampata kumtunda kwa nsalu zotchingira mawindo kuti mpweya woipa wa makala uzituluka. Anapiye atatuwo ananditayitsa makilo osapitirira 4, zimene si zambiri, koma kuzizidwako kunabweza m'mbuyo kakulidwe ka otsalawo, ndipo makala anayamba kutha msanga kuposa mmene ndinawerengera.

12 Meyi: tsiku la 7

Mwanapiye woleredwa bwino amayenera kuchulukitsa kulemera kwake kanayi kapena kupitirirapo m'sabata yoyamba, kutanthauza magalamu 160 kupita m'tsogolo kwa anga. Sikelo inaonetsa magalamu 150. Ndinapereka katemera wa chitopa m'madzi akumwa, nditawamana madzi kwa ola limodzi ndi theka kuti onse amwe mwachangu. Kabotolo kakang'ono kwambiri kamene ndinapeza kanali ka nkhuku 500, ndipo katemera akasungunulidwa amayenera kumwedwa pasanathe maola awiri, choncho ndinalipira katemera wa nkhuku 500 pamene ndinali ndi 96. Mlimi wa gulu laling'ono amalipira motere pokhapokha atagwirizana ndi anzake amene anagula anapiye tsiku limodzi ndi iye.

19 Meyi: tsiku la 14

Ndinapereka katemera wa gumboro, nthenda imene imafooketsa chitetezo cha m'thupi mwa anapiye, ndipo nkhuku zinkalemera magalamu 380. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi thumba. Ndinkayembekeza kuti pofika lero zikhala zitadya makilogalamu 48, koma thumba loyamba linali litatha ndipo lachiwiri nditachotsamo kale makilogalamu 5. Nditagwada ndi kupalasa utuchi mozungulira chodyera chimodzi ndinatapa chakudya chodzaza manja awiri, china chitayamba kale kuchita nkhungu. Zodyera ndinali kuzidzaza mpaka m'milomo ndiponso zinali zikadali pansi, motero nkhuku zinkapalasa ndi kutaya posankha timibulu tikulutikulu.

Ndinazipachika ndi zingwe kuti mlomo wa chodyera ulingane ndi msana wa nkhuku, ndinayamba kuthira chakudya chosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mbale yake, ndipo masiku atatu alionse ndinkakweza chingwe. Makilogalamu 7 amene anatayika ndi pafupifupi mtengo wa nkhuku imodzi yogulitsa, ndipo ndikanapanda kulemba tsiku limene ndinatsegula thumba lililonse sindikanadziwa kuti chakudya chikutayika.

24 mpaka 28 Meyi: zitosi za magazi

Tsiku la 19 ndinaona nkhuku zinayi zitaima pazokha, nthenga zitanyankhalala, mapiko atagwa ndipo maso ali otsinzina. Pafupi ndi zomwera panali zitosi zamadzimadzi zosakanikirana ndi magazi. Mlangizi wa ziweto ataona anati ndi kokisidiyosisi, nthenda ya tizilombo ta m'matumbo timene timafala kudzera m'zitosi ndipo timakhwima msanga pa utuchi wonyowa ndi wofunda. Gwero lake silinali lovuta kulipeza, chifukwa chomwera chimodzi chinali ndi mng'alu pansi ndipo utuchi wozungulira pamenepo unali utaumbika ngati dothi. Utuchi wabwino ukaufinya m'dzanja umayoyoka ukangotambasula zala, koma uwu unkatsala chibulumwa.

Ndinagula mankhwala a ampuloliyamu pa makilo 12 ndi kuwapereka m'madzi kwa masiku asanu monga zinalembedwera papaketi. Ndinachotsa utuchi wonse wonyowa, ndinagula wina pa makilo 6, ndipo chomwera chong'alukacho ndinachitaya. Katemera wachiwiri wa chitopa, amene amayenera kuperekedwa tsiku la 21, ndinamusunthira ku tsiku la 26 chifukwa nkhuku yodwala siyenera kulandira katemera. Zitatu zinafa ndipo zinatsala 93.

Apa m'pamene ndinayamba kuwerengera imfa mwa njira ina. Mwanapiye wofa tsiku lachitatu amapita ndi mtengo wake wogulira basi, koma nkhuku yofa tsiku la 21 imakhala itadya kilogalamu yathunthu ya sitata, itatenthedwa ndi makala a masabata atatu ndiponso italandira katemera kawiri, moti imapita ndi makilo pafupifupi atatu. Choipa kwambiri n'chakuti nthendayi imawononga matumbo a zimene zapulumuka, ndipo zimadya osanenepa mokwanira kwa masiku angapo pambuyo pake. Kutayika kumeneku sikuoneka m'khola, kumadzaonekera pasikelo.

2 Juni: tsiku la 28

Makala ndinasiya kuyatsa tsiku la 23, ndipo onse pamodzi anadya makilo 42 m'malo mwa 30. Sitata inatha tsiku la 20, ndipo polowa mu gulowa ndinasakaniza mitundu iwiriyi kwa masiku awiri kuti m'mimba musasokonezeke.

Lero ndinayamba kuwerengera chinthu chimene ndikuona kuti mlimi aliyense ayenera kumachidziwa sabata iliyonse, ndicho kuchuluka kwa chakudya chimene chalowa kuti papezeke kilogalamu imodzi ya nkhuku yamoyo. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ndinagwira nkhuku 15 kuchokera m'mbali zosiyanasiyana za khola, osasankha zooneka bwino zokha, ndipo kulemera kwa pakati kunali makilogalamu 1.2. Ndikachulukitsa ndi nkhuku 93 ndinapeza makilogalamu pafupifupi 112 a nkhuku zamoyo. Chakudya chimene chinali chitatuluka m'matumba chinali makilogalamu 175, ndipo 175 kugawa ndi 112 ndi pafupifupi 1.6. Chakudya chotayika ndi chodyedwa ndi nkhuku zimene zinafa chimawerengedwa momwemo, chifukwa chonsecho ndinalipira.

9 Juni: tsiku la 35

Tsiku la 33 ndinapeza tambala mmodzi mwa akuluakulu atafa chagada, miyendo ili m'mwamba, chithokomiro chili chodzaza, ngakhale kuti madzulo ake anali kudya bwinobwino. Imfa yadzidzidzi yotere imagwera kawirikawiri nkhuku zokula mofulumira kwambiri, makamaka zazimuna. Ameneyu anapita ndi makilo pafupifupi asanu amene ndinali nditawononga kale pa iye, kuposa anapiye atatu a usiku wozizira uja onse pamodzi. Zinatsala 92.

Kulemera kunafika makilogalamu 1.65 ndipo chakudya chonse chinali pa makilogalamu 270. Ndinayamba kufunafuna ogula, ndipo ndikuvomereza kuti ndinachedwa, chifukwa ntchitoyi inayenera kuyamba sabata yachitatu. Wogulitsa zakudya wina analonjeza kutenga 40, ndipo munthu wina amene ankakonza phwando analonjeza 50. Onse awiri analonjeza pakamwa, ndipo sindinapemphe aliyense kuti aperekeko ndalama ya chikole.

16 Juni: tsiku la 42

Kulemera kwa pakati kunafika makilogalamu 2.1, ngakhale kuti ziwiri zopinimbira sizinapitirire 1.3. Chakudya chonse chodyedwa chinali makilogalamu 375, ndipo kulemera kwa gulu lonse kunali pafupifupi makilogalamu 193, kutanthauza makilogalamu 1.94 a chakudya pa kilogalamu imodzi ya nkhuku. Nambalayi ndi yokwera poyerekeza ndi imene alimi osamala amapeza, ndipo ndikudziwa kuti kuzizidwa, kutayika kwa chakudya ndi nthenda ija zili m'kati mwake. Sabata yomalizayi payokha inadya makilogalamu 105 ndi kuwonjezera makilogalamu 41 okha a kulemera, ndiko kuti pafupifupi 2.6 pa kilogalamu. Nkhuku ikamakula, gawo lalikulu la chakudya limangosunga thupi limene ili nalo kale, ndipo kilogalamu iliyonse yowonjezera imakwera mtengo.

Wogula woyamba anabwera m'mawa, anatenga 40 pa makilo 9 iliyonse ndi kulipira pomwepo makilo 360. Wa phwando uja anatumiza uthenga masana kuti mwambo wasunthidwa ndipo nkhuku sazifunanso. Madzulo kunabwera wopikula amene anafuna kutenga zazikulu zonse 50 pa makilo 8 iliyonse, ndalama yake ili m'manja, ndipo ndinakana. Ndinaona ngati ndikutaya kilo imodzi pa nkhuku iliyonse, makilo 50 onse pamodzi, ndipo ndinaganiza kuti ndikadikira masiku awiri kapena atatu ndizigulitsa pamtengo wonse.

17 mpaka 23 Juni: sabata yodikira

Chimene sindinawerengere madzulo aja n'chakuti nkhuku 52 zotsalazo zinkadya pafupifupi magalamu 175 iliyonse patsiku, ndiko kuti makilogalamu 9 tsiku lililonse. Kunena kwina, dzuwa likalowa gululo linkakhala litadya mtengo wa nkhuku imodzi yathunthu. Zinkalemerabe, koma ogula anga ankagula pa nkhuku, osati pa kilogalamu, choncho ya makilogalamu 2.5 inkapita pamtengo womwewo wa ya 2.1. Kwa wogulitsa pasikelo nkhaniyi ikanakhala yosiyanako, popeza kulemera kowonjezerako kukanabweza gawo la chakudyacho, koma kwa ine chakudya chonse cha sabatayi sichinabweze kanthu.

Theka la thumba limene linatsala linatha m'masiku atatu, ndipo ndinagula thumba lachisanu ndi chinayi limene silinali m'mawerengero anga oyamba. Pofika 19 Juni ndinali nditagulitsa 20 kwa anthu ogula imodziimodzi pa makilo 9, ndipo zisanu ndi chimodzi mwa izo zinapita pa ngongole chifukwa ndinkafuna kuti pakamwa podya pachepe. Kuzifikitsa kwa ogulawa kunawonjezera makilo 8 pa mayendedwe. Pa 23 Juni, tsiku la 49, ndinaitana wopikula yemwe uja ndipo anatenga 30 pamtengo wake womwe uja wa makilo 8. Zopinimbira ziwiri ndinazigulitsa pa makilo 5 iliyonse. M'masiku asanu ndi awiriwo nkhuku zinadya makilogalamu 50.

Nditayerekeza njira ziwirizi papepala, kusiyana kwake kunandipweteka mtima. Ndikanavomera pa 16 Juni ndikanalandira makilo 400 pa zazikuluzo ndi 10 pa zopinimbirazo, pamodzi 410, popanda kuwononganso kanthu. Podikira ndinagulitsa za makilo 430, koma pamenepo tichotsepo 50 a chakudya, 8 a mayendedwe ndi 18 a nkhuku ziwiri za ngongole zimene sizinalipiridwe, ndipo otsala ndi 354. Pothawa kutaya makilo 50 ndinataya 56, kuwonjezera pa sabata yathunthu ya ntchito ndi chiopsezo chakuti nkhuku zolemerazo zikanayamba kufa kapena kulumala miyendo.

Lamulo limene ndalemba m'buku kuchokera pamenepa ndi lowerengera, ndipo limatenga mphindi ziwiri. Ndichulukitse nkhuku zotsala ndi chakudya chimene iliyonse ikudya patsiku, kenako ndichulukitse ndi masiku amene ndikuyembekeza moona mtima kuti adzapita ndisanazimalize. Ngati yankho likufanana kapena kuposa ndalama imene wopikula akudula pa gulu lonse, ndigulitse tsiku lomwelo. Kwa ine malire ake anali masiku asanu ndi theka, ndipo panalibe wogula ndi mmodzi yemwe amene anali atanditsimikizira kuti nkhuku 50 zitha m'masiku amenewo.

7 Julaye: kutseka buku

Ndinadikira masabata awiri kuti angongole alipire. Nkhuku zinayi zinalipiridwa ndipo ziwiri sizinalipiridwe, choncho sindinaziwerengere ngati ndalama yolowa. Utuchi wosakanikirana ndi zitosi ndinaugulitsa ngati manyowa pa makilo 12.

Zotuluka zinakhala motere. Kugula anapiye kunadya makilo 120, chakudya 435, makala 42, utuchi 16, katemera ndi mavitamini 20, mankhwala 12, mayendedwe 28, gawo la ziwiya 15, ndipo madzi ndi kuwala kwa usiku, zimene ndinaziiwala poyamba, zinadya 6. Zonse pamodzi ndi makilo 694, kuposa mawerengero oyamba ndi 69. Pa chakudya ndawerengera makilogalamu 425 amene anadyedwadi, ndi makilo 10 owonjezera a sitata. Theka la thumba lomaliza lilipo, ndipo ngakhale ndalama yake inatuluka m'thumba mwanga, ndalilemba ngati katundu wa gulu lotsatira. Chakudya chokha chinatenga pafupifupi magawo 63 pa 100 alionse a ndalama zonse.

Zolowa zinali makilo 540 pa nkhuku 60 za mtengo wonse, 240 pa 30 zopikulitsa, 10 pa zopinimbira ndi 12 pa manyowa, kuchotsapo 18 a ngongole, ndipo zotsala ndi 784. Phindu ndi makilo 90, osakwana matumba awiri a chakudya, pamene ndinkayembekeza 230. Pa makilo 100 alionse amene ndinaika ndinapindula 13.

Nkhuku iliyonse imene inafika pamsika inandidyera makilo 7.5, chifukwa 694 ndaigawa ndi 92 zimene zinagulitsidwa, osati ndi 100 amene ndinagula. Wogawa ndi 100 angapeze 6.9 ndipo angadzinamize pokambirana mtengo ndi wogula. Nambala ya pachikuto ija nayo inasuntha: pamtengo wa makilo 9 panafunika nkhuku 78 kuti mpamba ubwerere, osati 70, ndipo phindu linatsalira pa nkhuku 14 zokha.

Ntchito yanga sindinailowetse m'mawerengerowa. Ndikaphatikiza kudyetsa, kutsuka zomwera, kutembenuza utuchi, kudzuka usiku ndi kuthamangira ogula, ndinkatha pafupifupi maola awiri patsiku kwa masiku 49, ndiko kuti maola ngati 100, ndipo malipiro anga sanakwane kilo imodzi pa ola. Ndikanalemba wantchito, gulu ili silikanasiya kanthu. Pa makilo 140 amene anasowa pa phindu loyembekezeka, 56 anapita m'sabata yodikira yokha, ndipo ndikanagulitsa madzulo a pa 16 Juni phindu likanakhala 146.

Khola ndalitsuka kale ndipo lakhala lopanda nkhuku masabata awiri tsopano. Anapiye ena sindinawaitanitse, chifukwa ndikufuna ogula a nkhuku zosachepera 70 amene apereka chikole ndisanalipire mwanapiye ndi mmodzi yemwe, ndipo pakadali pano ndapeza a 45. Ndagwirizananso ndi alimi awiri kuti tidzatenge anapiye tsiku limodzi n'cholinga choti tizigawana kabotolo ka katemera. Makilogalamu 25 a finisha aja ndawaika pathandala, potalikirana ndi khoma kuti asachite chinyezi, ndipo tsiku lotha ntchito lolembedwa pathumbalo ndalikopera patsamba loyamba la gulu lotsatira.